Queen Sono sinathe ayi, anaidula panjira

"Achimwene, ndangomaliza kuonera Queen Sono. Gawo lachisanu ndi chimodzi latha nkhani ili pakati, ndafufuza sizoni yachiwiri koma kulibe. Kodi mathero ake ndi omwewa? Mnzanga akuti masewero a masiku ano amatha choncho dala." Watero mlongo wathu wina wa ku Rosettenville.

Achemwali, mnzanuyo mumuuze kuti ndakana. Sewero lija linatuluka pa Netflix mu Febuluwale 2020, Pearl Thusi ali kutsogolo, ndipo mu Epulo chaka chomwecho analengeza kuti sizoni yachiwiri ikubwera. Pofika mu Novembala anasintha maganizo, chifukwa chake akuti kujambula m'mayiko osiyanasiyana nthawi ya kolona kunali kovuta. Ndiye chimene mwaonacho ndi mathero a sizoni, olembedwa ndi anthu amene ankayembekezera kubweranso. Anakusiyani m'malere dala, inde, koma ankafuna kudzakutsitsani. Mpata ndi umene sanaupeze.

Kalata yanu yandikumbutsa za 2014. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Yeoville, m'nyumba ya zipinda zambiri imene tinkabwereka anthu a mitundu yosiyanasiyana, ife a ku Malawi, anyamata awiri a ku Zimbabwe ndi mayi wina wa ku Limpopo amene anali mwini TV. Ikangokwana 8 koloko madzulo aliyense ankabwera ndi mbale yake pabalaza kudzaonera Generations. Ine Chizulu changa chinali chisanakhwime, ndinkadalira mawu olembedwa m'munsi, ndipo ndinganene kuti theka la Chizulu chimene ndimagulira nacho zinthu ku MTN renki ndinachitola pabalaza pomwepo. Mu Ogasiti chaka chimenecho ochita sewero 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala pa nkhani ya malipiro. Magawo amene anali atajambulidwa kale atatha, sewero linazimiririka. Linadzabwera pa 1 Disembala ndi dzina loti Generations: The Legacy, nkhani italumpha zaka makumi awiri, nkhope zambiri zili zachilendo. Mayi wa ku Limpopo uja anakana kuonera, akuti sangalire maliro a anthu amene sanawaone akumwalira. Mmodzi wa anyamata aja ankati palibe chatha apa, dzina ndi lomwe lija. Anakangana mpaka Khirisimasi. Ine ndinali mbali ya mayiyo, ndipo mpaka lero ndikadali komweko: kulumpha zaka chifukwa wolemba wafuna ndi kulumpha chifukwa anthu achotsedwa ntchito ndi zinthu ziwiri, ndipo woonera amazindikira ngakhale osamuuza.

Masewero a tsiku ndi tsiku ngati amenewo anatizoloweretsa molakwika pang'ono. Iwo kutha sadziwa. Lachisanu lililonse wina amatsegula chitseko n'kupeza zimene samayenera kuona, nyimbo n'kulira, tionane Lolemba. Ndiye tikafika pa masewero a masizoni timaganiza kuti gawo lomaliza lililonse ndi Lachisanu lalikulu chabe. Sizili choncho.

Sewero lililonse lolembedwa bwino limakhala ndi funso limodzi lalikulu limene limabadwa m'gawo loyamba, ndipo pansi pake pamakhala mafunso ang'onoang'ono a sizoni iliyonse. Mathero a sizoni amayankha funso laling'onolo, kenako m'mphindi zomalizira amatsegula lina latsopano kuti mudzabwerenso. Mathero a sewero lonse amayankha funso lalikulu lija, ndipo satsegulanso china chofuna sizoni yathunthu kuti chitsekedwe. Kusiya anthu m'malere kuli ngati kutenga katundu pangongole pa spaza: palibe cholakwika bola mwezi ukatha ukalipire. Vuto ndi lakuti wotenga ngongoleyo ndi wolemba, pomwe wosunga chikwama ndi kampani.

Chitsanzo chimene chili ndi zonse m'thumba limodzi ndi Breaking Bad. Amene simunaonere ndipo mukufuna kudzaonera, dumphani ndime zitatu izi, ndiulula zonse.

Funso lalikulu ndi ili: Walter White, mphunzitsi wa kemisitiri amene wapezeka ndi khansa n'kuyamba kuphika mankhwala ozunguza bongo kuti asiyire banja ndalama, adzafika pati ndipo adzatha bwanji? Sizoni yachitatu inatha mu Juni 2010 motere: Walter watsala pang'ono kuphedwa ndi anthu a bwana wake Gus, ndiye watuma mnyamata wake Jesse kuti akaphe Gale, munthu yekhayo amene akanatha kuphika m'malo mwake. Jesse waima pakhomo, mfuti ili m'manja, misozi ikulengeza, wawomba, chithunzi chada. Palibe chimene chatsekedwa apa. Gus atani? Jesse akhala munthu wotani atachita zimenezi? Anthu anadikira mpaka Julayi 2011 kuti adziwe. Uku ndiye kusiya m'malere kwenikweni, ndipo n'kwabwino chifukwa yankho litabwera linali ndi mtengo wake: Gale anafadi, ndipo sizoni yonse yachinayi Jesse anayenda atasenza imfa imeneyo.

Sizoni yachinayi inatha mosiyana. Olemba ankailemba asanatsimikiziridwe kuti kudzakhala yachisanu, choncho anatseka zambiri. Gus wafa ndi bomba, malo ophikira apsa, Walter wapambana. Chithunzi chomaliza chikungoonetsa duwa lapoizoni kuseri kwa nyumba ya Walter, kutiuza kuti ndi iye amene anadwalitsa mwana wosalakwa kuti akokere Jesse mbali yake. Likanathera pamenepo palibe akanati wabedwa. Chitseko chatsekedwa koma sanakhome loko. Ine mtundu uwu ndi umene ndimaulemekeza kuposa yonse, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalamula kuti wolemba aliyense amene alibe pangano la sizoni yotsatira m'manja azimaliza chonchi. Kutchova juga ndi mitima ya oonera pofuna kukakamiza kampani kuti ikupatse sizoni ina ndi khalidwe loipa, ngakhale ndikudziwa kuti nthawi zina limagwira ntchito.

Mathero enieni anabwera pa 29 Seputembala 2013, gawo la nambala 62. Taonani mmene ntchito ya gawo limeneli ikusiyanira ndi awiri aja. Walter akupeza njira yoti ndalama zidzafike kwa ana ake. Akukaonana ndi mkazi wake komaliza n'kuvomera kuti zonsezi ankachitira iye mwini, osati banja. Akupha gulu limene linagwira Jesse ukapolo, Jesse akuthawa pagalimoto, Walter akufa. Gawo lonse ndi kulipira ngongole imodziimodzi. Palibe mdani watsopano akutulukira pakona. Ndi chizindikiro chimenechi mungadziwe mathero enieni ngakhale simunawerenge paliponse: mphindi zomalizira zimayang'ana m'mbuyo, pamene za mathero a sizoni zimayang'ana kutsogolo.

Mwambo wosiya anthu m'malere pakutha pa sizoni anaukuza ndi a sewero la ku America lotchedwa Dallas. Mu Malichi 1980 J.R. Ewing anawomberedwa ndi munthu wosaoneka nkhope, ndipo yankho linadzabwera mu Novembala, loti anali Kristin, mlamu wake amenenso anali chibwenzi chake. Ku America kokha anthu oposa 80 miliyoni anaonera gawo limenelo. Kuyambira pamenepo makampani anadziwa kuti funso losayankhidwa ndi ndalama. Koma a Dallas omwewo ndi amene anaonetsanso njira yoipitsitsa yolipirira. Atapha Bobby Ewing n'kuona kuti anthu akuchepa, mu 1986 anamubweza ali m'bafa akusamba, n'kunena kuti sizoni yonse yapitayo inali maloto a Pam, mkazi wake wakale. Chaka chathunthu cha nkhani chinafufutidwa. Munthu akafa pakutha pa sizoni n'kudzuka pachiyambi pa inayo popanda chimene chatayika, dziwani kuti olemba ayamba kukupusitsani, ndipo imfa yotsatira simudzaikhulupiriranso.

Mitundu ina ya mathero enieni

Kupatula mathero olipira zonse ngati a Walter, pali otsanzikana chabe. Palibe amene wafa, anthu angosiyana njira. Friends inatha choncho mu 2004, anzawo aja akusiya makiyi a nyumba patebulo n'kutuluka. Masewero oseketsa amakonda zimenezi chifukwa funso lawo lalikulu silikhala lakuti ndani apambana, limakhala lakuti gulu ili likhala limodzi mpaka liti. Palinso olumphira kutsogolo, ngati Six Feet Under mu 2005, imene inaonetsa mmene munthu aliyense wamkulu m'nkhaniyo adzafere, wina pambuyo pa mnzake. Kwa sewero la banja losunga maliro, zinali zoyenera.

Ndiye pali mtundu umene mnzanu uja akuuganiza, mathero otseguka dala. The Sopranos, Juni 2007: Tony, mtsogoleri wa gulu la zigawenga, wakhala m'lesitilanti ndi banja lake, chitseko chikutseguka, iye akudzutsa mutu, chithunzi chikuda mwadzidzidzi, zii, kenako mayina. Anthu ambiri ku America ankaganiza kuti TV yawonongeka. Kuno ku Joni tikanangodzuka kukafuna kandulo. Koma taganizani bwino. Gawo limenelo linalengezedwa kale kuti ndi lomaliza. Nkhondo ya Tony ndi a ku New York inali itatha m'gawo lomwelo. Chimene chinatsala n'chakuti wafa kapena ayi, ndipo mayankho onse awiri akunena chinthu chimodzi, kuti munthu wa moyo wotere sadzadya mwamtendere chitseko chikatseguka. Simukufunika sizoni ina kuti mumvetse. Pa Queen Sono mukufunika, chifukwa adani akadali chilili ndipo nkhondo yeniyeni ikungoyamba. Ena amadana nawo mathero a Tony, ufulu ndi wawo, koma kuwaika m'gulu limodzi ndi sewero lodulidwa n'kusachita chilungamo kwa onse awiri.

Nthawi zina odulidwa amapatsidwa mpata wotsanzika. Sense8 inathetsedwa mu 2017 nkhani ili m'malere, oonera anachita phokoso, mu 2018 anapatsidwa gawo limodzi lalitali lotsekera. Zimachitika mwa apo ndi apo, musaziwerengere.

Tsono musanathire deta yanu pa sewero latsopano, chitani izi. Lembani dzina lake pa Google n'kuwonjezera mawu akuti cancelled, muone chotuluka. Pa sikirini, Season Finale ndi mathero a sizoni, Series Finale ndi mathero a zonse, ndipo Final Season ikutanthauza kuti olemba anauzidwa nthawi ilipo. Mukafuna nkhani yotha ndithu, sankhani zolembedwa Limited Series, ngati Chernobyl ya 2019 imene ili ndi magawo asanu basi. Chenjezo lake ndi lakuti zina zotere zikatchuka amaziwonjezera sizoni, monga anachitira ndi Big Little Lies, koma sizoni yoyambayo imakhala kuti inatha payokha, mutha kuimira pomwepo.