Juwisi wa nzimbe kwa odwala shuga

"Amayi anga anawapeza ndi shuga, ndiye zamabotolo anasiya. Pano akumwa juwisi wa nzimbe ndi wa malalanje wofinya pakhomo. Si zachilengedwe zimenezi? Nanga mano akumati amachita zizii."

Achemwali, kusiya zamabotolo anachita bwino, koma zimene alowa m'malomo zikhoza kuwakwezera shuga chimodzimodzi. Magazi safunsa kuti shugayo wachokera kudimba kapena kugolosale.

Pa zitatuzi, wolemera kwambiri ndi juwisi wa nzimbe. Tambula ya mamililita 250 imakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8, mtundu womwewo timathira m'phala uja. Wa malalanje ali ndi masupuni 5 kapena 6. Kuti tambulayo idzadze mumafinya malalanje atatu kapena anayi, nsenga ndi timaulusi take n'kutaya. Chonsecho timaulusi timeneto ndi timene timachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Lalanje limodzi lodya ndi nsenga zake lili ndi masupuni atatu okha, limafuna kutafuna, komanso limakhutitsa. Ndani amadya malalanje anayi pakamodzi? Koma kumwa ndi kamphindi chabe. N'chifukwa chake malangizo a 2015 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amaika shuga wa mujuwisi m'gulu limodzi ndi wothira, pomwe wa m'chipatso chathunthu samuwerengera mmenemo.

Wina anena kuti ndiye azingotafuna nzimbeyo. Pamenepo samalani: timameza madzi okha, zotsala timalavula, ndiye ndi juwisi yemwe uja, kungoti amalowa pang'onopang'ono.

Za manozo pali zinthu ziwiri. Tizilombo ta mkamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi amene amabowola dzino. Juwisi wa malalanje amabweranso ndi asidi wakewake yemwe amafewetsa chikutu cha dzino, ndipo kuchita ziziiko akamwa madzi ozizira nthawi zambiri kumayambira apo, ngakhale nkhama zikafupika zimateronso. Malovu amafuna mphindi 30 kapena kuposa kuti akonze mkamwa, choncho kumangopsontha tsiku lonse n'koipa kuposa kumwa kamodzi pachakudya. Akamaliza achukuche ndi madzi, mswachi udikire kaye theka la ola, chifukwa kutsuka chikutu chili chofewa n'kuchipala. Aonetsenso manowo kuchipatala, popeza shuga amadwalitsa nkhama.

Ngati amayiwo ali ndi kachipangizo koyezera shuga, asatsutsane ndi munthu. Ayeze asanamwe, ayezenso patatha maola awiri. Tsiku lina, nthawi yomweyo, achite chimodzimodzi ndi lalanje limodzi kapena gwafa. Ambiri amauzidwa kuti patatha maola awiriwo nambala isapitirire 10 mmol/L, kapena 180 mg/dL, koma awo atsatire nambala imene anawapatsa kuchipatala.

Juwisiyo ali ndi nthawi yake imodzi. Ngati amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide, shuga akatsika n'kuyamba kunjenjemera ndi thukuta, theka la tambula limawadzutsa msanga, ndipo ayezenso pakapita mphindi 15. Akakomoka musawamwetse kanthu, thamangani nawo kuchipatala.