Tikiti yasochera kwa ine: ndiitumize bwanji kwa eni ake?

*Ndine wophunzira za makompyuta ndipo ndili pa atachimenti pa kampani ina ku Lilongwe, m'gulu lokonza makompyuta a ogwira ntchito. Timalandira ntchito kudzera pa ServiceNow, pulogalamu yolembamo madandaulo a ogwira ntchito, momwe dandaulo lililonse limatchedwa tikiti. Sabata yatha inandipeza tikiti yomwe sinali ya gulu lathu, ine ndinaitseka n'kulemba kuti mwini wake atsegule ina. Abwana sanakondwe nazo ngakhale pang'ono. Kodi ndikanatani?*

Abwana anuwo anali ndi chifukwa chomveka. Tikiti ikatsekedwa, makina amawerenga kuti vuto latha, pamene munthu amene anadandaula uja akadali pomwepo osathandizidwa, ndipo akatsegula ina amayambiranso kumapeto kwa mzere ngati kuti wangofika kumene. Njira yoyenera ndi kusamutsa tikiti yomweyo, ndi nambala yake, mbiri yake komanso nthawi yomwe inatsegulidwa, kupita ku gulu loyenera, kenako n'kuilondola mpaka wina wa kumeneko ataivomera. Mbali yomalizayi ndi imene achinyamata ambiri amaiwala, ndiye ndifotokoza zonse ndi chitsanzo chimodzi chomwe chimachitika kawirikawiri m'maofesi.

Tiyerekeze kuti ndi pa 24, masiku okonza malipiro. Mayi wina wa ku ofesi yowerengera ndalama watsegula tikiti nthawi ya 8:10 m'mawa ndipo walemba kuti kompyuta yake ikukana kulowa. Popeza wasankha `Hardware` pa `Category`, makina aitumiza okha ku gulu lanu, ndipo inu mwaiona 9:40. Musanaganize zoitumiza kwina, muyenera kutsimikiza kuti si yanu, chifukwa mawu a wodandaula sanena kawirikawiri pamene pali vuto lenileni. Kwa iye chilichonse chokanika pa sikirini ndi kompyuta basi. Muimbireni foni ndi kufunsa zinthu zitatu: ngati walowa mu Windows bwinobwino, ngati imelo yake ikutseguka, komanso mawu enieni amene akuoneka pamene pakukanikapo. Mayiyo ayankha kuti Windows ndi imelo zili bwino, koma pulogalamu ya malipiro ikulemba kuti `User not authorized`, ndipo anzake awiri a mu ofesi yomweyo akulowa popanda vuto.

Mayankho amenewa akuchotsani kale pa nkhaniyi. Kompyuta ndi yamoyo, netiweki ikugwira ntchito, ndipo pulogalamu yeniyeniyo sinagwe popeza ena akuigwiritsa ntchito. Ngati kampani yanu imagwiritsa ntchito Active Directory, dongosolo losunga maakaunti a ogwira ntchito, mukhoza kuonjezera umboni umodzi polemba lamulo ili mu Command Prompt, n'kuika dzina lolowera la mayiyo pamene palembedwa `dzina`:

```
net user dzina /domain
```

Mzere wa `Account active` ukaonetsa `Yes`, ndiye kuti akaunti yake yaikulu sinatsekedwe. Chotsala ndi chilolezo cha m'kati mwa pulogalamu ya malipiro, chomwe amapereka ndi kuchotsa ndi a gulu loyang'anira mapulogalamu a kampani, osati inu okonza makompyuta. Kufufuza konseku sikuyenera kupitirira mphindi 10 kapena 15. Cholinga chake si kuthetsa vutolo, koma kudziwa khomo loyenera kugogoda. Ndipo ngakhale mutaona kuti muli ndi njira yolowera n'kukonza nokha, musatero. Kupereka chilolezo pa pulogalamu ya malipiro kumafuna chivomerezo cha mkulu wa nthambi, ndipo ofufuza za kayendetsedwe ka chuma amafunsa amene anapereka chilolezocho ndi amene anamulamula. Mwina mayiyo anamuchotsera chilolezo mwadala chifukwa wasintha udindo, inu simukudziwa.

Tsopano mwadziwa kuti si yanu, koma kudziwa kuti ndi ya yani ndi nkhani ina. Makampani ambiri ali ndi chikalata kapena tsamba losonyeza gulu limene limayang'anira pulogalamu iliyonse, ndipo mu ServiceNow nthawi zambiri mukatsegula pulogalamuyo pa `Configuration item` mumapeza `Support group` yake. Njira ina yachidule ndi kufufuza matikiti akale okhala ndi mawu ofanana n'kuona gulu limene linawathetsa. Zonsezi zikakanika, funsani abwana anu kapena bwezerani tikitiyo kwa a pa desiki yolandira madandaulo, omwe ntchito yawo ndi kugawa. Musalote. Safunsa anadya phula, ndipo pano wodya phulayo sakhala inu nokha, amakhalanso mayi uja amene tikiti yake ikuyendayenda m'magulu atatu tsiku lonse.

Kusamutsa kwenikweni ndi kwa mphindi imodzi. Sinthani `Assignment group` kuti ikhale gulu loyang'anira mapulogalamu, ndipo onetsetsani kuti dzina lanu lachoka pa `Assigned to`, chifukwa likatsalira a gulu linalo akhoza kuganiza kuti tikitiyo ili kale ndi mwini wake. Langizo langa ndi lakuti mutumize ku gulu, osati kwa munthu amene mumadziwana naye kumeneko. Mnzanuyo akhoza kukhala pa tchuthi kapena ku maliro kumudzi, ndipo tikiti yokhala pa dzina lake palibe wina amene angaione msanga. Konzaninso `Category` kuti igwirizane ndi vuto lenileni, apo ayi malipoti a kumapeto kwa mwezi adzaonetsa kuti makompyuta akuwonongeka kwambiri pamene vuto ndi la zilolezo.

Chimene chimasiyanitsa wantchito wodalirika ndi wongokankha ntchito ndi zimene amalemba posamutsapo. Pa tikiti pali malo awiri olembapo, ndipo kuwasokoneza kwachititsa manyazi anthu ambiri. `Work notes` amaona ogwira ntchito okha, pamene `Additional comments` amaonanso wodandaula, ndipo nthawi zambiri zimamupeza pa imelo. Mu Jira Service Management, pulogalamu ina yofanana ndi ServiceNow, kusiyana komweku kulipo pakati pa `Add internal note` ndi `Reply to customer`, kotero mukadzasintha malo a ntchito mudzakupezanso. Pa malo a ogwira ntchito okha mungalembe motere, m'chilankhulo chimene ofesi yanu imagwiritsa ntchito:

"Ndalankhula ndi wodandaula 9:50. Akulowa mu Windows ndi imelo, ndipo akaunti yake yaikulu ili yotsegula. Pulogalamu ya malipiro yokha ndiyo ikulemba `User not authorized` kuyambira lero m'mawa, dzulo amalowa. Anzake awiri akulowa. Chithunzi cha sikirini ndachiphatika. Sindinasinthe chilichonse pa kompyuta yake. Ndikupempha muone chilolezo chake. Akuyenera kumaliza malipiro lero."

Taonani kuti wolandira sakufunikanso kuimbira mayiyo kuti amufunse zomwezo kachiwiri. Akudziwa chimene chayesedwa, chimene sichinakhudzidwe, chifukwa chimene tikiti yatumizidwira kwa iye, ndi tsiku limene ntchito ikufunika. Mawu awiri okha akuti "si yathu" ndi amene amachititsa kuti tikiti ibwerere kwa inu patatha ola limodzi. Kwa mayiyo mulembere zochepa komanso mwaulemu: kuti vuto lili pa chilolezo cha pulogalamu, kuti mwaitumiza ku gulu loyenera, ndipo nambala ya tikiti ndi yomweyo. Musamuuze kuti analakwitsa posankha, ndiponso musamulonjeze ola limene zithe, popeza ntchitoyo simugwira ndinu.

Tsono pali nkhani ya nthawi, yomwe ndikufuna muimvetse bwino chifukwa ndi imene imachititsa kuti kuchedwa kusamutsa kukhale cholakwa chachikulu kuposa kusamutsa molakwika. Tikiti iliyonse ili ndi nthawi imene kampani inalonjeza kuti vuto likhale litatha, yomwe pa sikirini imalembedwa `SLA`. Kampani iliyonse imaika maola ake, koma tiyerekeze kuti tikiti ya mtundu uwu yapatsidwa maola 8 a ntchito. M'maofesi ambiri wotchi imeneyi imayamba pamene tikiti yatsegulidwa, ndipo siyambiranso tikiti ikasamuka. Mukaisamutsa 10:00, mwadya ola limodzi ndi mphindi 50, ndipo anzanu aja atsala ndi maola 6 ndi mphindi 10. Mukaisunga mpaka mutabwera ku nkhomaliro n'kuisamutsa 2:10 masana, ngati wotchi imawerenganso nthawi ya nkhomaliro, mwawasiyira maola awiri okha, ndipo nthawi ikawathera mbiri ya tikiti idzaonetsa poyera amene anaigonera. Ena amathamangira kuiika pa `On Hold` kuti wotchi iime. Malo amenewo ndi a nthawi imene mukudikiradi yankho la wodandaula kapena la kampani yogulitsa zipangizo, ndipo kuwagwiritsa ntchito pobisa kuchedwa kwanu amakugwirani mosavuta. Momwemonso musakweze kapena kutsitsa `Priority` mwa nokha pofuna kuthandiza. Ngati mukuona kuti tsiku la malipiro likuchititsa nkhaniyi kukhala yofulumira, lembani chifukwacho ndipo auzeni abwana kuti asinthe ndi iwo.

Mukasindikiza `Update`, tikiti imachoka pa mndandanda wanu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasamba m'manja. Inu lembani nambala yake penapake kapena dziikeni pa `Work notes list` kuti muzilandira uthenga wa zimene zikuchitika. Pakatha mphindi 30 kapena ola limodzi, ionenso. Ngati pa `Assigned to` paoneka dzina la munthu wa gulu lija, udindo wanu watha. Ngati pakadali popanda dzina, imbani foni kapena pitani ku ofesi yawo, mutchule nambala ndi tsiku la malipiro.

Nthawi zina tikiti imabwerera ndi mawu akuti nawonso si yawo. Musaibwezenso. ServiceNow ili ndi `Reassignment count` yowerenga kangati tikiti yasintha gulu, ndipo akuluakulu amaiyang'ana pofuna kudziwa matikiti amene magulu akungokankhirana. Ikabwerera kamodzi kokha, werengani chifukwa chimene apereka, popeza mwina aona chimene inu simunaone, mwachitsanzo kuti mayiyo anachotsedwa m'gulu lina la mu Active Directory limene pulogalamuyo imadalira, zomwe zikutanthauza kuti eni ake ndi oyang'anira maakaunti. Ngati chifukwacho sichikumveka, pitani nayo kwa abwana anu kuti atsogoleri a magulu awiriwo agwirizane okha. Wophunzira wa pa atachimenti alibe mphamvu yogamula mkangano wa magulu, ndipo palibe amene akuyembekezera zimenezo kwa inu.

Pali mitundu iwiri ya matikiti imene ndondomeko yonseyi simuyenera kuitsata mwachifatse chotere. Ngati tikiti yosocherayo ikunena kuti ofesi yonse yaima, kapena kuti wina watsegula imelo yachinyengo n'kupereka pasiwedi yake, imbani foni kwa eni ake ndi kwa abwana nthawi yomweyo, zolembazo zibwere pambuyo. Ndipo ngati ili ndi zinsinsi za munthu, monga kalata ya kuchipatala kapena nkhani ya mwambo wa pantchito, lekani kuwerenga mukangozindikira, musakopere kanthu m'zolemba zanu, ndipo auzeni abwana kuti tikitiyo yadutsa m'maso mwa gulu losayenera.

Za tikiti ya sabata yatha ija, fufuzani ngati mwini wake anatseguladi ina. Ngati sanatero, pemphani abwana kuti yakaleyo itsegulidwenso, kapena ngati makina sakulola, mutsegule yatsopano m'dzina lake n'kulembamo nambala ya yakale ndi tsiku limene anayamba kudandaula. Mukaonanso kuti matikiti a pulogalamu ya malipiro akupitiriza kugwera kwa inu, lembani manambala ake atatu kapena anayi n'kuwapereka kwa abwana, chifukwa ndi umboni umene woyang'anira ServiceNow amafuna kuti asinthe lamulo logawira matikiti kapena mawu a pa fomu imene ogwira ntchito amadzaza.