Kulembera mphunzitsi pamene malikisi a mwana atsika

"Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 3. Teremu yoyamba anapeza 68 pa masamu, koma teremu yachiwiri wabwera ndi 41. Ndikufuna kulembera aphunzitsi ake imelo, koma ndikuopa kuti angaone ngati ndikuwaimba mlandu, mwana n'kuyamba kudedwa m'kalasi. Ndilembe bwanji?"
Mayi wa ku Zomba

Mayi, musanalembe chilichonse, dziwani kuti 41 payekha sanena zambiri. Ngati mayesowo anali ovuta ndipo avereji ya kalasi yonse inali 35, ndiye kuti mwana wanu akadali pamwamba pa anzake ambiri. Koma ngati avereji inali 60, vuto lili kwa iyeyo ndipo liyenera kufufuzidwa msanga. Nambala imene anakhala m'kalasi singakuthandizeni kwenikweni, chifukwa pa malipoti ambiri imachokera pa maphunziro onse pamodzi. Choncho kalata yanu ikhale yopempha zinthu ziwiri zimene mphunzitsi ali nazo: mmene kalasi yonse inakhozera, ndi pepala limene mwanayo analemba.

Pepalalo ndi limene limaulula zoona. Mukaona kuti mafunso akumapeto sanawakhudze pamene oyambirira anakhoza bwino, ndiye kuti nthawi inamuthera, ndipo mankhwala ake ndi kuyeserera kulemba akuyang'ana wotchi. Mukaona kuti analakwa mafunso onse a mutu umodzi, mwachitsanzo aljebura, dzifunseni ngati sanajombe kapena kudwala sabata imene mutuwo unkaphunzitsidwa. Ngati njira ndi yolondola koma mayankho ndi olakwika, ndiye kuti amapupuluma powerengetsera. Zimachitikanso kuti mphunzitsi amene wachonga mapepala ambirimbiri usiku amalakwitsa pophatikiza malikisi, koma zimenezi musazitchule m'kalata. Ngati zilipo, adzaziona yekha pepala likakhala patebulo, ndipo adzakonza popanda kuchita manyazi.

Lemberani mphunzitsi wa masamuyo mwachindunji, ndipo musatumizenso kalatayo kwa mphunzitsi wamkulu, chifukwa kutero kumasandutsa funso kukhala dandaulo. Ikhale yaifupi, pakuti aphunzitsi ambiri amawerenga imelo pa foni. Pamutu pake lembani dzina la mwana, kalasi ndi phunziro. Mungalembe motere:

"Aphunzitsi olemekezeka, ndine mayi ake a mtsikana amene dzina lake lili pamwambapa. Ndikuthokoza chifukwa cha ntchito imene mukugwira pa mwana wathu. Ndaona pa lipoti kuti malikisi ake a masamu atsika kuchoka pa 68 kufika pa 41, ndipo ndikufuna kumvetsa chimene chachititsa kuti ndidziwe momuthandizira kunyumba. Kodi mungandiuzeko mmene kalasi yonse inakhozera, ndi mitu imene inamuvuta kwambiri? Kumbali yathu, anadwala malungo ndipo anajomba sabata imodzi pakati pa teremu, komanso amandiuza kuti amachita manyazi kufunsa m'kalasi. Ngati n'kotheka, ndingakonde kubwera kudzaona pepala lake pamodzi ndi inu pa tsiku limene mungakhale ndi mpata. Zikomo kwambiri."

Za malungozo ndangoperekera chitsanzo. Inu mulembe zimene zinachitikadi, ngakhale zitakhala zosakoma, monga kuchuluka kwa ntchito zapakhomo kapena kukomedwa ndi foni. Kholo likayamba laulula mbali yake, mphunzitsi samva kuti akuzengedwa mlandu, ndipo nayenso amamasuka kunena zimene amaona. Mawu oyenera kupewa ndi onga akuti "mwana wanga ndi wanzeru, sanalepherepo" kapena "akuti simufotokoza bwino". Mawu achiwiriwa ndi amene angaike mwana pamoto, chifukwa amamuonetsa ngati wokaneneza aphunzitsi kunyumba. Ngati mwanayo ananenadi zimenezi, zisungeni mpaka mutakumana, ndipo mukazinene ngati funso: kodi pali njira yoti abwerezenso mutu umene sanaumvetse?

Muuzeninso mwanayo kuti mukulemba, ndipo ngati n'kotheka aiwerenge kalatayo isanapite, kuti asadzadzidzimuke aphunzitsi akamuitana.

Sindikulangizani kudikira teremu yachitatu kuti muone ngati zisinthe zokha. Zimene amaphunzira mu Fomu 3 zimabweranso pa mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limalembetsa kumapeto kwa Fomu 4, ndipo pa masamu mutu uliwonse umatsamira pa unzake, kotero kuti mutu umodzi wophonya umavutitsa mitu ingapo yotsatira. Sabata ikatha osayankhidwa, musafulumire kuganiza kuti akunyozani, pakuti ena satsegula imelo kawirikawiri. Mupatseni mwana kalata yomweyo yolemba pamanja, kapena pemphani mphunzitsi woyang'anira kalasi kuti akukonzereni tsiku lokumana. Pokumanapo, musachoke musanagwirizane chinthu chimodzi chooneka, monga kuti mwanayo abwereze mafunso onse amene analakwa n'kuwapereka kuti achongedwe pasanathe masabata awiri.