Manotsi alipo koma lipoti likukana kutuluka

"Achimwene, ndine mlembi wa sosayiti yathu ya maliro kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Atcheya akufuna lipoti la chaka Lamlungu likudzali, ine zomwe ndili nazo mufoni ndi izi basi:

- mamembala 64, chaka chatha 80
- chopereka tinakweza mu Malichi, madola 3 kufika 5
- maliro 4, amodzi tinakaika ku Dedza
- galimoto yadula
- ena anapita ku Joni
- m'thumba mwatsala madola 310

Ndikati ndilumikize zikungotuluka komanso, komanso. Nditani?"

Achemwali, pepani ndi ntchitoyi, koma musadandaule, zofunika zonse muli nazo kale. Komanso akubwerabwerayo ndi chifukwa choti mukulumikiza mfundo mmene zinagwera mufoni, pomwe zinagwa mmene mumazikumbukirira, mwina muli mukombi mukupita kutauni. Ndiye musayambe ndi kulemba. Muyambe mwazisankha ngati nyemba pa lichero. Ine ndikuonapo milu iwiri, wa anthu (64 aja ndi a ku Joni) ndi wa ndalama (zinayi zotsalazo). Mulu uliwonse ndi ndime yake.

Tsopano tengani mulu wa ndalama, mfundo ziwiriziwiri, muzidzifunsa kuti kodi iyi ndi iyi pali ubale wanji? Mayankho ake sachuluka. Ina inabala inzake, pamenepo mawu ake ndi chifukwa, choncho, n'chifukwa chake. Ina ikutsutsana ndi inzake, pamenepo ndi koma, komabe, ngakhale. Kapena inangotsatira m'nthawi, ndiye kenako, patapita miyezi iwiri. Komanso uja musungireni pomwe zinthu zikungoonjezerana zenizeni, ndipo mukamupeza kawiri m'ndime imodzi dziwani kuti pali funso lomwe simunadzifunse. Ndime yanu itha kumveka chonchi:

"Chaka chino tinagweredwa maliro 4. Mwa amenewa, amodzi tinaperekeza kwawo ku Dedza, ndipo ulendo umenewu unadya ndalama zambiri chifukwa galimoto yadula. Poona zimenezi, komiti inakweza chopereka mu Malichi kuchoka pa madola 3 kufika pa 5 pamwezi. Ngakhale tinakweza choncho, m'thumba mwatsala madola 310 okha."

Taonani timawu timeneti, mwa amenewa, ulendo umenewu, ngakhale tinakweza choncho. Chiganizo chilichonse chikuyamba ndi kugwira mchira wa chinzake kenako n'kubweretsa chatsopano, ndiye womvera sakudumpha dzenje paliponse. Ndinayambanso ndi maliro ngakhale mufoni ali pachitatu, chifukwa nkhani ya ndalama yonse yachokera pamenepo.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mukhale tcheru kwambiri, chifukwa ndimeyi ikukoma m'khutu koma mwina muli bodza. Ine sindinalipo, poona zimenezi uja ndangomuikapo. Ngati galimoto inanyamuka kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete mu Febuluwale, zili bwino. Koma ngati maliro a ku Dedza anachitika mu Julayi, ndiye kuti chopereka munakweza asanachitike, mawuwo akunamizira komiti, ndipo amsungichuma adzaimirira pamsonkhano kukutsutsani anthu onse akuona. Manotsi sanama chifukwa sanena kuti chinayambitsa chinzake ndi chiti, bodza limalowera pa mawu olumikizira. Paliponse pomwe mwalemba kuti chifukwa, tsegulani buku la maminitsi muone madeti. Zikapanda kugwirizana sinthani dongosolo: "Mu Malichi tinakweza chopereka. Patapita miyezi inayi tinagweredwa maliro a ku Dedza." Ngakhale kamawu kakuti okha kaja ndi maganizo, ngati chaka chatha munatseka ndi madola 200 kachotseni.

Ndime ya anthu msampha wake ndi womwewo. Dzanja lidzafuna kulemba kuti mamembala achepa chifukwa chopereka chinakwera, eeh zikumveka ngati zoona, koma munawafunsa? Zomwe mukudziwa ndi zoti achoka ndi 16 ndipo ena ali ku Joni. Awerengeni m'kaundula, tinene mwapeza 9, mulembe kuti: "Mamembala atsika kuchoka pa 80 kufika pa 64. Mwa 16 amene achoka, 9 anasamukira ku Joni, pomwe 7 angosiya kupereka ndipo komiti sinalankhule nawo." Amenewo ndi mawu amene atcheya angagwirirepo ntchito, akhoza kutuma anthu kukawaona 7 aja.

Madola 310 aja ndi 64 aja muwasiyenso m'katebulo kumapeto, ena amangofuna manambala, musawavutitse.

Mukamaliza, Loweruka madzulo muwerengereni mokweza munthu amene sabwera ku misonkhano yanu, kaya ndi mwana wanu wamkulu. Pomwe angakuduleni n'kufunsa kuti "nanga zimenezo zabwera bwanji?" ikanipo chizindikiro, pamenepo pakusowa chiganizo chimodzi chomwe chikadali m'mutu mwanu.