Yambani ndi mabokosi, mawu abwere pambuyo

"Abale thandizeni, andipatsa fomu yosikana kuti ndiimasulire koma ndikadutsitsa pa OCR, pulogalamu yowerenga mawu a pachithunzi ija, nkuika mu Word zonse zikumangobalalika, manambala akugwera pamzere wina. Ndipange bwanji?"

Achimwene musalimbane nazo zomwe OCR yakulavulirani zija, ine ndinasiya kalekale. Tsegulani peji yatsopano mu Word, chithunzi cha fomuyo chikhale pambali, muwerenge makolamu ndi mizere yake nkujambula tebulo lopanda kanthu lofanana ndendende ndi lapachithunzilo musanamasulire liwu ngakhale limodzi. Powerenga makolamu muziyang'ana mzere umene uli ndi mabokosi ambiri, osati wapamwamba, chifukwa pamwamba paja mutu umodzi umatha kuphimba makolamu awiri. Pamenepo mudzalumikiza ndi Merge Cells tebulo likatha.

Chimene chimapweteketsa anthu kwambiri ndi bokosi lopanda kanthu. Ndinamasulirapo fomu ya maola a antchito, makolamu 6, mizere 14. Pamzere wachisanu munthuyo anagwira maola 40, bokosi la ovataimu linali lopanda kanthu, kenako zonse pamodzi 40. OCR sinalione bokosi lija, inangokokera 40 wachiwiri uja kumanzere, basi munthu akuoneka ngati wagwira ovataimu maola 40! Ndinazigwira chifukwa ndinaphatikiza kolamu ya ovataimu nkupeza kuti ikuposa nambala ya zonse pamodzi yapansi pa kolamuyo ndi 40 yeniyeni. Nde inunso mukamaliza phatikizani kolamu iliyonse ya manambala, zikasiyana ndi zapansizo ndiye kuti china chake chasuntha, kapena 0 wawerengedwa ngati O, 1 ngati l. Zoterezi zimachuluka sikaniyo ikakhala yopendekeka kapena yosakwana 300 dpi, ngati pepala lenilenilo lilipo apempheni asikanenso.

Pomasulira muzipita bokosi ndi bokosi, mitu kaye kenako zamkati, manambala muzitaipa nokha mukuyang'ana chithunzi. Bokosi limene lili lopanda kanthu kumeneko likhalenso choncho kwanu, osaikamo kamzere kapena ziro poti likuoneka losungulumwa.

Vuto lina mudzaliona nthawi yomweyo, mutu wa liwu limodzi ukamasuliridwa umatha kukhala mawu atatu anayi, Word nkuyamba kukulitsa kolamuyo kufinya zinzake. Sankhani tebulo lonse, pa Layout dinani AutoFit kenako Fixed Column Width, mawuwo azipindikira pansi mkati mwa bokosi lawo lomwelo. Akathinabe chepetsani fonti, 11 ifike 9, koma osadula mutuwo mpaka tanthauzo kusowa. Tebulo likadumphira peji yachiwiri Repeat Header Rows imabwereza mitu ija pamwamba.

Chidindo ndi siginecha musazikopere, lembani [chidindo] kapena [siginecha] pamalo pomwe zili, mawu a m'chidindomo muwamasulire momwemo. Pamene inki yafufutika lembani [sipakuwerengeka], osalota. Potumiza sevani ngati PDF ndipo chithunzi choyamba chija chipite limodzi kuti wolandirayo athe kuyerekeza bokosi ndi bokosi.