Wogulitsa akuti "14 ndi 14": kodi ndigule matayala otchipawa?

*Ndili ndi Toyota Sienta yakale ija, imanyamula anthu pakati pa Zomba ndi Liwonde. Matayala awiri akutsogolo atha, ndipo alembedwa 175/70R14. Wogulitsa wina ali ndi a 175/65R14 otsika mtengo kwambiri, komanso a 185/65R14 ndi 185/70R14. Akuti onsewo ndi saizi 14, alowa bwinobwino. Manambalawa amatanthauza chiyani, ndipo nditenge ati kuti ndisataye ndalama? — Mwini takisi, Zomba*

Bambo, wogulitsayo sananame kuti alowa. Alowadi, chifukwa limu yanu ndi ya mainchi 14 ndipo matayala onse atatuwo anapangidwira limu yotero. Chomwe sanakuuzeni n'chakuti 14 ndi kukula kwa bowo lapakati pa tayala chabe. Kutalika kwa tayala lonse, kuchuluka kwa mpweya womwe limasunga ndi katundu yemwe lingasenze, zonsezo zili m'manambala enawo.

Tiyambe ndi 175. Kumeneku ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, kuchokera khoma lina kufika khoma linalo, tayala litavekedwa pa limu n'kupopedwa. Mukatenga tepi n'kuyeza mbali yoponda pansi yokha mupeza nambala yocheperako, choncho musadabwe. Chilembo R ambiri amaganiza kuti chikuimira limu popeza chayandikana ndi 14, koma chimanena za kapangidwe ka mkati: ulusi wa tayala umadutsa mopingasa kuchokera mkombero wina kufika mkombero unzake. Pafupifupi matayala onse a magalimoto ang'onoang'ono masiku ano ndi otero, ndiye chilembocho chisakutayitseni nthawi. Nambala yotsatira R ndiyo limu, ndipo imawerengedwa m'mainchi pomwe yoyamba ija ili m'mamilimita. N'zosokoneza ndithu, koma ndi momwe opanga matayala anazolowerera. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Pa nambala iyi palibe kukambirana: tayala la 15 silingagwire pa limu ya 14, ndipo amene akukakamizani kuyesa muthaweni.

Pomwe pagona nkhani yanu ndi pa nambala yapakati, 70 kapena 65. Imeneyi si mamilimita ayi. Ndi peresenti. Ikunena kuti khoma la tayala, kuchokera m'mphepete mwa limu kufika pomwe tayala limaponda, ndi lalitali maperesenti angati a kutambalala kuja. Pa tayala lanu, maperesenti 70 a 175 ndi mamilimita 122.5. Khomalo lili pamwamba ndi pansi pa limu, choncho timaliwerenga kawiri, n'kuwonjezera limu. Pafoni yanu lembani motere:

```
175 x 0.70 = 122.5
14 x 25.4 = 355.6
122.5 + 122.5 + 355.6 = 600.6
```

Tayala lomwe galimoto yanu inabwera nalo ndi lalitali pafupifupi mamilimita 601 likaimikidwa. Nambala imeneyi ndiyo muyezo woyerekezera tayala lina lililonse lomwe mungapatsidwe.

Tsopano lotchipa lija, 175/65R14. Kutambalala n'komweko, limu n'yomweyo, koma khoma ndi maperesenti 65 a 175, omwe ndi mamilimita pafupifupi 114. Tayala lonse likukwana 583. Lafupika ndi mamilimita 17.5, pafupifupi maperesenti atatu, ndipo galimoto itsika ndi theka la pamenepo, mamilimita pafupifupi 9. Saizi imeneyi imapezeka paliponse chifukwa timagalimoto tambiri ting'onoting'ono tochokera ku Japan timavala yomweyi, n'chifukwa chake mtengo wake umakhala wofewa. Koma tambiri mwa timagalimoto timeneto sitinapangidwire anthu asanu ndi awiri.

Ena angakuopsezeni ndi nkhani ya sipidomita. Ndi zoona kuti tayala lalifupi limazungulira kambiri: lanu limazungulira maulendo pafupifupi 530 pa kilomita, lotchipalo 546. Wotchi ya mtunda iziwerenga makilomita 103 pomwe mwayenda 100, ndipo ngati mumawerengera mafuta a dalaivala potengera wotchiyo, buku lanu liziwoneka lokoma pang'ono kuposa zenizeni. Kunena zoona, izi zokha sizingandiletse kugula tayala.

Chondiletsa chili kumapeto kwa mzere uja, komwe simunandilembere. Kawerengeninso pa tayala lanu: pambuyo pa 14 pali nambala ina ndi chilembo, monga 84S kapena 84T. Nambalayo ndi chizindikiro cha katundu yemwe tayala limodzi lingasenze likapopedwa mokwanira, ndipo 84 ikuimira makilogalamu 500. Matayala ambiri a 175/65R14 amalembedwa 82, kutanthauza makilogalamu 475. Kusiyana kwa makilogalamu 25 pa tayala kumaoneka kochepa, koma pa matayala anayi ndi makilogalamu 100, matumba awiri a chimanga. Ine ndi inu tikudziwa momwe Sienta imadzazira tsiku la msika. Tayala losenza mopitirira mphamvu yake limapindika khoma kwambiri pa kuzungulira kulikonse, limatentha, ulusi wake umayamba kulekana ndi labala, ndipo tsiku lina masana potsika kupita ku Liwonde kotentha kuja limaphulika. Chilembo chotsatira chimanena za liwiro: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190. Pa ntchito yanu chilembocho sichivuta. Nambala ya katundu ndiyo isatsike pansi pa yomwe opanga galimoto anaika.

Khoma lalifupi lilinso ndi vuto lake pa misewu yokumbika. Mukagwa m'dzenje, khomalo ndilo limafinyika kuti limu isamenye pansi. Mukalichepetsa ndi mamilimita 9, galimoto itadzaza, limu imaluma khoma msanga n'kudula ulusi wamkati. Chizindikiro chake ndi chotupa ngati dzira pambali pa tayala. Tayala lotupa khoma silimatidwa, ngakhale mano ake akhale atsopano bwanji. Ndalama zonse munapulumutsa zija zimathera pomwepo, nthawi zina n'kuwonjezerapo kuwongoletsa limu.

Awiri enawo amaonetsa bwino chifukwa chomwe nambala yapakati siyiwerengedwa payokha. Pa 185/65R14 pali 65 yemweyo amene tamukana, koma tsopano ndi maperesenti 65 a 185, ndiye khoma ndi mamilimita 120 ndipo tayala lonse ndi 596. Lasiyana ndi lanu ndi mamilimita osakwana asanu, osafika ngakhale peresenti imodzi. Nthawi zambiri limalembedwa 86, makilogalamu 530, kuposa lanu. Pomwe 185/70R14 lili ndi 70 ngati lanu, koma 70 wa 185 ndi mamilimita 129.5, ndipo tayala lonse likufika 615. Latalika ndi mamilimita 14. Ndiye mwa awiriwa, lomwe likufanana ndi lanu pa nambala yapakati ndilo lasiyana nalo kwambiri pa msinkhu.

Eni matakisi ena amalikonda 185/70R14 dala, ndipo ndimawamvetsa. Limakweza galimoto ndi mamilimita 7, khoma lake n'lalitali, ndipo nthawi zambiri ndi 88, makilogalamu 560. Koma lili ndi mtengo wake wobisika. Galimoto imalemedwa pang'ono ponyamuka ndi pokwera mtunda, tayala lotambalala limadya mafuta ochulukirapo pang'ono, ndipo singano ikaloza 80 mumakhala mukuthamanga pafupifupi makilomita awiri kuposa momwe munkathamangira ndi matayala akale singano ili pomwepo. Choopsa n'kukhula. Mashoko akatopa, galimoto itadzaza, tayala lalitali limatha kukhudza pulasitiki ya m'madigadi pokhota kapena podumpha bampu. Musanalipire, livekeni limodzi kutsogolo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mulowetse dzanja muone mpata watsala. Kenako kwezani anthu muyendeko pang'ono, mawindo ali otsegula, mumvetsere. Onaninso kutambalala kwa limu, komwe kumadindidwa pa limupo ngati 5J kapena 5.5J. Zonse ziwirizi zimalola tayala la 185.

Popeza mukugula awiri okha, pali lamulo limodzi losaphwanyika: matayala a ekiselo imodzi akhale a saizi imodzi, kumanzere ndi kumanja. Mukaika 70 mbali ina, 65 mbali inayo kutsogolo, galimoto imakokera mbali, mabuleki sagwira mofanana, ndipo difu imagwira ntchito nthawi yonse ngati mukukhota pomwe msewu ndi wowongoka. Ngati Sienta yanu ndi ija yokoka ndi mawilo onse anayi, ndiye anayi onse afanane, kupanda kutero mudzalipira kwa makaniko ndalama zoposa mtengo wa matayala. Kumbukiraninso sipeya, kuti tsiku lophulitsa musadzaveke tayala losiyana msinkhu n'kuyenda nalo mlungu wathunthu.

Chisankho changa chikanakhala ichi. Choyamba funani 175/70R14 yemweyo, wa 84 kapena kuposa, ngakhale zitatengera kufunsa mashopu angapo ku Limbe kapena ku Blantyre. Akasowa, tengani awiri a 185/65R14. A 185/70R14 muwaganizire tsiku lomwe mudzasinthe onse anayi. A 175/65R14 asiyireni eni timagalimoto topepuka.

Koma musanakhulupirire ngakhale zomwe zalembedwa pa matayala anu akalewo, tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane kapepala komatidwa pa mzati wake. Mawu ake angakhale a Chijapanizi, koma manambala a saizi ndi a mpweya amawerengeka. Galimoto zathu zambiri zadutsa m'manja angapo, ndipo mwini wakale akhoza kukhala kuti anasintha kale saizi. Sienta yatsopanoko yomwe inatuluka mu 2015, mwachitsanzo, inkabwera ndi 185/60R15, yomwe msinkhu wake ndi 603, pafupifupi wofanana ndi wanu koma pa limu ina. Mnzanu wa pa siteji akakuuzani saizi "ya Sienta", mufunseni kuti Sienta yake iti.

Kwa owerenga a minibasi amene akudabwa kuti tayala lawo lalembedwa 195R14C popanda nambala yapakati: pamenepo khoma limatengedwa kukhala pafupifupi maperesenti 80, ndipo C akusonyeza kuti ndi tayala lolimbitsidwa la galimoto yonyamula katundu. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 195/70R14 lilowa pa limu yomweyo, koma ndi lalifupi ndipo silingasenze katundu wa minibasi.

Ngati matayala omwe mukuwaonawo ndi ogwiritsidwa kale ntchito, fufuzani manambala anayi omwe ali m'kabokosi kozungulira pakhoma, kawirikawiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi mlungu, awiri omaliza ndi chaka: 2319 ndiye kuti linapangidwa mlungu wa 23 m'chaka cha 2019. Nthawi zambiri amadindidwa mbali imodzi yokha, choncho litembenuzeni. Labala amauma ndi zaka ngakhale mano akadalipo, ndipo mukapinda khoma ndi dzanja n'kuona timing'alu ting'onoting'ono, libwezeni pa mulu. Likakhala labwino, zaka zakezo muzigwiritse ntchito ponenerera mtengo. Ndipo uzani wogulitsa alembe saizi yonse pa lisiti, mpaka nambala ya katundu, kuti akakuvekerani lina mukhale ndi pogwira pobweza.