Kutupa mapazi si kunenepa: zokayankhula pa msonkhano wa m'mudzi

"Ndine wodzipereka wa zaumoyo m'mudzi mwathu. Amfumu andipatsa mpata woyankhula za ana onyentchera kwambiri. Ndiyambire pati?"

Zikomo amayi polemba. Ine ndikanakhala inu, ndikanayambira pa phazi la mwana. Pemphani mayi mmodzi abwere kutsogolo ndi mwana wake, mudinikize pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zanu zazikulu, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenako muchotse. Ndiye muuze anthu kuti: "Pakatsala kadzenje mapazi onse awiri, amenewo ndi madzi, si mafuta. Mwanayo apite kuchipatala lero lomwe, ngakhale masaya akuoneka odzadza."

Pamenepa wina adzatchula tsempho, sizilephera. Musamuseke, ndipo musakangane ndi agogo pagulu, mungataye msonkhano wonse. Ine ndimangoti: "Za m'banjazo mukambirana, koma mwana atsogole kuchipatala."

Mukatero tulutsani lamba woyezera mkono. Amagwira ntchito pa ana a miyezi 6 mpaka 59. Muyeze mkono wamanzere, pakati pa phewa ndi chigongono, mkonowo uli lende, lamba osathina komanso osakhwepa. Akagwera pofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, mwana ali pangozi. Pachikasu napo apite kusikelo msanga. Amayi awiri atatu ayese okha anthu akuona.

Za magulu asanu ndi limodzi a zakudya musungire tsiku lina. Mwana wafika pofiira sitimuchiza pomuunjikira nsima ndi nyemba kunyumba. Kuchipatala amayamba amuyesa ngati angathe kudya chiponde. Akadya bwino ndipo alibe matenda ena, amalandira chiponde ndi mankhwala n'kubwerera kunyumba. Akakana, kapena akusanza, watentha thupi, wafooka, kapena kutupa kwafika kumaso, amamugoneka n'kumuyamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, chifukwa thupi lofooka chotero silipirira chakudya chambiri nthawi imodzi.

Pachiponde ndiye mukhalitsepo, popeza zambiri zimalakwika pamenepa. Paketi imodzi ndi magalamu 92, ndipo achipatala amawerengera malinga ndi kulemera kwa mwana. Tiyerekeze mwana wa makilogalamu 7 wauzidwa kudya mapaketi atatu patsiku, ndiye kuti 21 pa sabata. Azibale ake awiri akamanyambitako paketi imodzi imodzi tsiku lililonse, wodwalayo watsala ndi 7 okha, ndipo pa sikelo yotsatira mayi adzadabwa kuti sakukwera. Nenani mosabisa kuti chiponde ndi mankhwala a mwana mmodzi. Asachisungunule m'madzi, chifukwa chikanyowa majeremusi amaswanamo. Mwana woyamwa ayambe wayamwa, kenako adye chiponde pang'onopang'ono kangapo patsiku, m'manja mosamba, madzi abwino akumwa ali pambali chifukwa chimapatsa ludzu.

Khanda losakwana miyezi 6 silidya chiponde. Likamaonda kapena kulephera kuyamwa, mayi apite nalo kuchipatala osadikira tsiku la sikelo.